Lipoti la msonkhano wa alembi: mmene anausendera mudzi wathu wa Nkhalapakati

Apampando ndi anzanga nonse a m'gulu,

Munandituma kumsonkhano wa alembi kuti ndikamve kamangidwe ka mudzi wongopeka woti sewero lathu la pa wailesi lizichitikiramo gawo ndi gawo. Za ulendo ndidzakamba tikakumana. Pano ndilemba zokhudza Nkhalapakati, chifukwa ndinauyala pamaso pa anthu ndipo anausenda ndithu.

Nthawi yambiri inathera pa Chitsime cha Agogo. Ife tinalemba kuti munthu akatungapo madzi tambala asanalire amamva mawu a m'bale wake amene anamwalira. Mayi amene ankatsogolera zokambirana anangofunsa kuti ngati zili choncho, chikuletsa mudzi wonse kugona pachitsimepo n'chiyani? Mfundo yawo inali yoti chozizwitsa chopanda mtengo chimapha nkhani, poti vuto lililonse litha ndi ndowa imodzi. Wina anakumbutsa zimene anthu amanena za phiri la Mulanje, zoti ukapeza chakudya chokonzakonza m'phirimo udye wekha osaitana mnzako. Lamulolo ndi lalifupi, lili ndi choletsa, ndipo womva amayamba yekha kuopa za amene angaliphwanye.

Tinakonza motere, ngati muvomereze. Wotunga amafunsa funso limodzi lokha, ndipo pobwerera amakhala ataiwala nkhope ya munthu mmodzi wamoyo, koma sasankha kuti aiwale ndani. Taonani zimene zikutuluka pamenepo. Pa mlandu wa malire a munda, afumu angathe kunena kuti akafunsidwe malemu amene anagawa mundawo, koma apite ndani? Wolimba mtima akapita, mwina abwera osamuzindikira mwana wake. Ndiye kuti m'mudzimo muli kale anthu oiwala anzawo, muli mabanja osungirana chakukhosi, ndipo payenera kukhala gogo wolondera chitsime amene aliyense amamuopa. Madzi akumwa nawo sangachokere pamenepo, choncho tikufunika mjigo kwina. Ine ndikuona kuti lamulo limodzili litidyetsa magawo ambiri, ndipo maganizo aja owonjezera mkango wolankhula tiyambe tawasunga.

Pa nkhani ya mapu anatiuza kuti tisamalembe makilomita koma mphindi zoyenda, chifukwa ndi zimene wosewera amatchula. Munthu wopanda katundu amayenda makilomita anayi kapena asanu pa ola, koma mayi wosenza ndowa ya malita 20 wasenza makilogalamu 20, sangathamange. Tikati kuchokera pabwalo kukafika kuchitsime ndi mphindi 30 kudzera kumanda, ndiye kuti wokatunga usiku adutsa pamanda mumdima, ndipo mfuu yake singamveke kubwalo. Mu gawo lachitatu muli mnyamata amene akumva kukuwa kwa kuchitsime ali pakhonde la afumu. Pamenepo tisinthe, apo ayi tisendeze chitsime, koma tikasendeza chikhale pomwepo mpaka sewero lidzathe.

Malo obwerezabwereza asachuluke, asanu akwana, ndipo alionse akhale ndi ntchito yake komanso phokoso lake, poti omvera saona kanthu. Pabwalo, pansi pa mkuyu, ndi poweruzira milandu, ndipo pamamveka kuwomba m'manja. Pamjigo ndi pamiseche, chitsulo chikulira. Kuchigayo anthu amachita kukuwa, ndiye chinsinsi sichinganenedwe kumeneko pokhapokha magetsi atazima, ndipo kuzimako kungaulule mawu amene munthu amayesa kuti aphimbika. Pachitsime pakhale zii, dontho lokha. Achisanu ndi pamtsinje powolokera. Poyesera anatiuza kuti tichotse dzina la malo pa tsamba n'kuwerenga mokweza. Ngati zokambiranazo zingachitikire pena paliponse osasintha liwu, malowo sanagwire ntchito.

Mtsinjewo unabweretsa nkhani ya nyengo. Ngati mudzi wathu ukutsata mvula ya kwathu kuno, mu Febuluwale madzi amakhala odzaza, nkhokwe zili mbee, ndipo mlendo sangangotulukira wouma miyendo. Mu Okutobala mtsinje waphwa, aliyense awoloka, mjigo uli ndi mzere. Gawo lililonse lilembedwe mwezi wake pamwamba, ngakhale mweziwo usatchulidwe m'sewero.

Poti timalemba anthu angapo mosinthana, pakufunika kope limodzi la mudzi. Mukhale mapu, lamulo la chitsime m'mawu ake enieni, mabanja ndi maubale awo, ndi mndandanda wa amene anatungapo ndi amene anaiwalidwa. Mndandandawu ndiye wovuta, chifukwa munthu woiwalidwa mu gawo lachiwiri sangapatsidwe moni ndi dzina mu gawo lachisanu ndi chinayi ngati kuti palibe chinachitika.

Ndikupempha kuti pamsonkhano ukubwerawu tisankhe wosunga kopelo, ndipo tigamule funso limene ndinalephera kuyankha ndekha popanda inu: kodi woiwala angathe kudzakumbukanso, ndipo ngati angathe, alipira chiyani?

Ine nthumwi yanu.