Dandaulo langa pa piyano yomwe munandigulitsa mu Febuluwale

Kwa a Manijala,

Ndine mayi wa ku Nkhotakota uja ndinagula piyano yoimirira yakale ija kushopu kwanu ku Lilongwe mu Febuluwale. Risiti, mtengo ndi nambala ya piyanoyo zonse muli nazo m'mabuku mwanu ndiye sindibwereza. Ndalemba kalata chifukwa foni ndaimba mpaka ndatopa, ma mesegi a pa WhatsApp mukungowerenga osayankha, ndipo ndabwera ndi miyendo yanga katatu kuchokera kuno, mtunda wa makilomita pafupifupi 200 ulendo umodzi, kudzuka 4 koloko kukwera minibasi mpaka pa Salima kenako ina ya ku Lilongwe, koma ulendo uliwonse ndimabwerera chimanjamanja.

Ulendo woyamba anati abwana apita ku maliro. Ndinamvetsa, maliro ndi a tonse. Wachiwiri ndinakhala pabenchi panja kuyambira 10 koloko mpaka 3 koloko kudikira mmisiri wanu yemwe sanabwere, ndipo palibe olo mmodzi anatuluka kudzandiuza kuti mayi pitani sabwera. Wachitatu ndi umene wandilembetsa kalatayi. Mnyamata yemwe anandigulitsa piyanoyo, yemwe tsiku logula ankanditchula kuti amayi anga, anandiyankha pamaso pa makasitomala ena kuti, "Mayi, mwagula kaunjika ndiye mumayembekezera chani? Mwaionongera nokha ndi chinyezi cha kunyanja kwanuko. Inu zanu ndi usipa, piyano muziwasiyira eni ake." Anzake anaseka. Ine ndaphunzitsa ana kusukulu zaka 30, ndimaphunzitsa kwaya kutchalitchi kwathu, ndipo ndalama zomwe ndinakupatsanizo ndi za penshoni yanga. Mnyamata ameneyo ndi msinkhu wa mwana wanga wachitatu. Ndinalira mu minibasi, sindikubisirani.

Poti mwasankha kunamizira nyanja, tiyeni tikambe za nyanjayo. Nditaona kuti kwa inu kulibe thandizo ndinaitana mmisiri wochuna mapiyano ndi ndalama zanga, bambo wachikulire, ndinamulipirira thiransipoti ndi malo ogona, ndipo anakhala ndi piyanoyo tsiku lathunthu ine ndili pambali pake ndi tochi.

Vuto lomwe ndakhala ndikukuuzani ndi loti piyanoyo sigwira chuni. Itangofika inamveka bwino masiku anayi okha, kenako kiyi imodzi inayamba kulira ngati makiyi awiri akukangana, mawa lake ina, pofika sabata ziwiri ana akwaya anayamba kuphonya mawu chifukwa chotsatira piyano. A mmisiri anandionetsa chifukwa chake. Kiyi iliyonse ya pakati ndi ya kumanja imamenya mawaya atatu omwe amayenera kulira chimodzimodzi, ndipo waya aliyense anakulungidwa pa pini yake yachitsulo yomwe inakhomedwa mu thabwa lolimba kuseri kwa felemu yachitsulo ija. Mawayawo alipo opitirira 200 ndipo onse pamodzi amakoka ndi mphamvu ya matani pafupifupi 18, ndiye chomwe chimagwira pini kuti isabwerere ndi kuthina kwa bowo lake basi, palibe nati palibe loko. Iwo anaika sipanala yawo pa pini imodzi, kukweza waya mpaka kufika pamalo pake, atangochotsa dzanja sipanalayo inabwerera yokha ine ndikuona ndi maso angawa. Tinawerenga mapini 31 otero.

Ndiye tamverani izi. Chinyezi chimatupitsa thabwa, thabwa likatupa bowo limathina ndipo pini imagwira kwambiri. Mapini amakhwefuka nyengo youma, cha mu Okutobala. Ine ndinagula mu Febuluwale mvula ili pakati, kubwera nayo kuno komwe mukuti kuli chinyezi chambiri, kutanthauza kuti mapiniwo anali pa nthawi yawo yabwino kwambiri ndipo akulephera chomwecho. Komanso chinyezi chikasokoneza chuni chimasuntha chigawo chonse pamodzi, kwambiri cha pakati, ndipo mawu amakwera. Sichisankha waya mmodzi mwa atatu n'kumugwetsa pansi anzake awiri ali chilili. Chimenecho ndi pini yoterereka, si nyanja ya Malawi.

Chomwe chandiwawa kwambiri ndi choti munthu wina anadziwa kale. Pamwamba pa mapini ambiri okhwefukawo pali timadontho ta choko, momwe amisiri amaikira chizindikiro pa pini yovuta. Ena anawakhomerera ndi hamala kuti alowe mkati agwireko pang'ono, mpaka waya wokulungidwa uja wagunda pa chitsulo, pomwe pa mapini abwinobwino pamatsala kampata koti mutha kukaona. Ndipo mozungulira mapini a chigawo cha besi pali madontho akuda onata a mankhwala omwe amathira kuti thabwa litupe kwa kanthawi. Choko chimenecho sindinalembe ine. Kuonjezera apo piyano yonse inachunidwa motsika ndi theka la sitepe, kiyi ya A ya pakati yomwe imayenera kulira pa 440 ikulira ngati kiyi yakuda ya kumanzere kwake, ndi chifukwa chake sinkagwirizana ndi kiyibodi ya kutchalitchi. A mmisiri akuti piyano ikakhala zaka osachunidwa imatsika yokha, koma iyi inachita kuchunidwa bwinobwino pamalo otsikapo, mawaya asakoke kwambiri, imveke bwino mushopu masiku ochepa mpaka wogula atanyamula.

Ndinawafunsa kuti nanga sitingangosintha mapiniwo. Anati akanakhala atatu kapena asanu omwazikana akanaika mapini onenepako pang'ono nkhani n'kutha. Koma awa ambiri ali mumzere umodzi moyandikana, zomwe zikusonyeza kuti thabwa logwira mapinilo linang'aluka kapena linamatuka mkati, ndipo ukakhomamo pini yonenepa umangokulitsa mng'aluwo. Kusintha thabwa limenelo pa piyano yoimirira ndiye kuphwasula piyano yonse, mawaya onse kuchotsa, ndipo mtengo wake umaposa wa piyanoyo.

Tsiku logula ndinapempha kuti muisunthe pakhoma ndione kumbuyo. Mnyamata wanu anati ndi yolemera, anyamata onyamula apita kukadya, komanso kumbuyoko kulibe choona ndi matabwa chabe. Kumbuyoko kunali kutakhomedwa nsalu yatsopano yakuda. Titaichotsa kuno tinapeza thabwa lalikulu lopyapyala lija limakuza mawu lili ndi mng'alu wautali kuposa mkono wanga. Kunena chilungamo a mmisiri anati mng'alu pawokha si imfa ya piyano, zambiri zakale zili nayo ndipo zimaimba bwino. Chofunika ndi nthiti zija zinamatidwa mopingasa kumbuyo kwa thabwalo. Anatenga kapepala n'kukalowetsa pakati pa nthiti ndi thabwa, kanalowa m'malo atatu, kutanthauza kuti guluu anasiya. Ndiye kunjenjemera kuja ndinakuuzani pafoni, kuja kumamveka ngati pepala lagwera mkati ukamenya makiyi a besi mwamphamvu, inu n'kundiuza kuti mwina ndaikapo mbale pamwamba.

Anatsegulanso chitseko cha mmunsi, pamwamba pa mapedulo, chimangotseguka ukakankha kachitsulo kamodzi, zomwe ine sindinkadziwa ndipo wanu uja sanandionetse. Munali manyi a makoswe akalekale ouma ndi tizidutswa ta felti tomwe anatafuna. Mlatho wa mawaya a besi, kathabwa komwe mawaya amadutsapo kuti mawu alowe mu thabwa lalikulu, uli ndi timing'alu motsatira timisomali take.

Za mapedulo ndinena mwachidule. Ya kumanja imayenera kunyamula tonse timapilo tozimitsa mawu nthawi imodzi, ndipo ukaisiya mawu azithima pompo. Yanuyi ukaisiya makiyi anayi a besi amapitirizabe kulira chifukwa felti yake inadyedwa. Ya pakati, yomwe imatsitsa nsalu pakati pa tihamala ndi mawaya kuti mwana aziphunzira usiku osasokosera anthu, imangotsika yopanda kanthu, nsaluyo mulibemo. Ya kumanzere yokha ndiyo ili bwino, ikusendeza tihamala kufupi ndi mawaya monga mwa ntchito yake.

Pa makiyi sindikunamizirani. Mwa makiyi 88 aja asanu amakanirira pansi osabwerera msanga, ndipo pamenepo ndikuvomera kuti chikhoza kukhala chinyezi cha kuno, thabwa la kiyi ndi kansalu ka m'bowo mwake zimatupa, a mmisiri anawamasula pa mphindi zochepa ndipo sindikukulipiritsani. Koma makiyi a pakati ukawagwedeza cham'mbali amagogodana ndi anzawo chifukwa kansaluko kanaperepeseka, ndipo tihamala take tili ndi mizere yakuya yomwe mawaya anadula, nsonga zake zinaphwatalala. Zimenezo ndi zaka zambiri zoimbidwa mwamphamvu, osati "inangokhala pabalaza kwa agogo ena ku Ulaya" monga anandiuzira pogulitsa.

Ndikudziwa kuti ndinagula chinthu chakale. Sindinayembekezere penti wonyezimira, ndipo zokalikakalika za m'mbali sindinadandaule nazo. Koma pa risiti yanu munalemba nokha kuti yayesedwa ndi mmisiri ndipo ili ndi walanti ya miyezi 6. Mmisiri wake uti amene sanaone choko pa mapini? Kapena ndi yemweyo analemba chokocho? Ndinalipira lole kuchokera ku Lilongwe, amuna sikisi kuitsitsa chifukwa ndi yolemera kuposa makilo 200, ndinaiika kukhoma la mkati kutali ndi windo, pansi pa simenti youma, monga munandilangizira. Ana 9 omwe makolo awo anayamba kundilipira kuti ndiziwaphunzitsa ndawabweza, sindingaphunzitse mwana khutu pa piyano yonama.

Chomwe ndikufuna ndi ichi. Tumizani galimoto yanu mudzatenge piyanoyi pa mtengo wanu, ndipo mundibwezere ndalama zanga zonse pamodzi ndi za lole. Za maulendo atatu aja ndi za mmisiri ndili ndi marisiti, tidzakambirana. Musandiuze zosinthitsa ndi ina pokhapokha mutalola kuti mmisiri wanga adzaiyese yekha pini iliyonse ndi sipanala, itachotsedwa pakhoma, zitseko zonse zili zotsegula. Ndipo mnyamata uja andipepese, pamaso, osati pa foni.

Ndikupatsani masiku 14 kuchokera lero. Akadutsa ndikupita ku Competition and Fair Trading Commission komanso ku bungwe loteteza ogula la CAMA ndi zithunzi za mapini, kavidiyo ka sipanala ikubwerera yokha, ndi lipoti lomwe a mmisiri alemba n'kusaina. Dziwaninso kuti akwaya a mipingo iwiri ya ku Salima ndi ku Dwangwa anandifunsa komwe ndinagula chifukwa nawo akusonkha ndalama, ndipo mpaka pano sindinawayankhe, ndikudikira kaye yankho lanu. Walanti ikutha mu Ogasiti ndipo kalatayi ndasunga kope yake yokhala ndi deti, ndiye musaganize zoti muchedwetse mpaka ithe.

Nambala yanga ndi yomwe ija ili pa risiti.

Ndine kasitomala wanu wokhumudwa,
Mphunzitsi wa kwaya, Nkhotakota