Za mawu odzifotokozera aja unanditumizira

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno tili bwino, kungoti bondo la bambo ako layambanso ndi kuzizira kuno. Mawu aja ukufuna kuika pamwamba pa sivi yako ndi pa LinkedIn ndawawerenga katatu. Unandipempha kuti ndisakunyengerere, ndiye sindikunyengerera.

Iwe unalemba m'Chingerezi, koma tanthauzo lake ndi ili: ndiwe munthu wolimbikira, wokhulupirika, wokonda ntchito yako ndi mtima wonse, wodziwa kugwira ntchito ndi anzako komanso pawekha. Zonsezi ndi zoona, ndinakubereka ndine. Vuto ndi lakuti pa zaka zonse zimene ndinakhala mu ofesi yolemba anthu ntchito, mawu omwewa ndinkawapeza pafupifupi m'kalata iliyonse. Olimbikira ankalemba choncho, alesi nawonso ankalemba choncho. Maso anga anafika pozolowera kuwadumpha.

Chiganizo chilichonse uzichiyesa motere: kodi alipo munthu amene angalembe zotsutsana nacho? Palibe amene angalembe kuti ndi waulesi kapena kuti amadana ndi anzake. Choncho mawu akuti "wolimbikira" sakukusiyanitsa ndi wina aliyense, angodya malo. Koma ukalemba kuti umayang'anira nyumba yosungira katundu, ambiri sangalembe zimenezo, chifukwa sanazichitepo.

Ndikudziwa chimene chinakuthawitsira ku mawu opanda kanthuwa. Tinakulera kuti munthu sadzitama, amatamidwa ndi ena, ndipo sindikubweza mawu amenewo. Koma kumbukanso kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ukanena kuti "ndine katswiri", wadziweruza wekha, ndipo uko ndiye kudzitama. Ukanena chimene unachita, wapereka umboni, ndipo kuweruza wasiyira wowerenga. Umboni suchititsa manyazi.

Tsono zoti ulembe uli nazo kale, unandiuza wekha pa Khirisimasi tikusenda mbatata. Unati pamene unkayamba ntchito ku Kanengo, kuwerenga katundu pakutha pa mwezi kunkatenga masiku atatu, chifukwa zinthu zinkangoikidwa paliponse pamene pali mpata. Iwe unalemba manambala pa mashelefu, chinthu chilichonse n'kuchipatsa khadi lake lolembapo zolowa ndi zotuluka, ndipo lero mumamaliza tsiku limodzi. Unanena ngati nkhani wamba, kenako n'kufunsa ngati mchere ulipo. Nkhani imeneyo ndi imene wolemba ntchito akufuna kumva, koma m'mawu ako mulibe.

Ndikanakhala iwe ndikanalemba motere, ndipo uike wekha m'Chingerezi chako:

"Ndimayang'anira nyumba yosungira katundu ya kampani yogulitsa zipangizo zomangira ku Lilongwe, ndipo ndagwira ntchitoyi zaka 5. Ndimatsogolera anthu anayi ndi kusamala katundu wa mitundu pafupifupi 600 pogwiritsa ntchito Sage ndi Excel. Nditakonza kaikidwe ka katundu ndi makadi ake, kuwerenga kwa pamwezi kunatsika kuchoka pa masiku atatu kufika pa tsiku limodzi. Ndili ndi dipuloma ya kagulidwe ka katundu, ndipo ndikufuna ntchito ya mu ofesi yogula katundu."

Taona, ziganizo ndi zinayi zokha. Choyamba chikunena chimene uli ndi nthawi imene wachichita. Chachiwiri chikuonetsa kukula kwa udindo wako, pakuti kuyang'anira kagolosale ndi kuyang'anira mitundu 600 si chimodzi. Chachitatu ndiye mtima wa nkhani yonse, chifukwa chikunena mmene zinthu zinalili, chimene iwe unachita, ndi mmene zilili tsopano. Mawu akuti "wolimbikira" mulibe, koma ndani angawerenge zimenezo n'kuganiza kuti ndiwe waulesi? Chomaliza chikuuza munthu kumene ukulowera, kuti asachite kulota. Chomalizachi pa LinkedIn uyambe wachiganizira kaye, chifukwa abwana ako nawonso amawerenga kumeneko. Pa sivi chisiye momwemo.

Manambalawa ndatenga m'mutu mwanga monga ndinakumvera, ndiye uwatsimikize usanawalembe. Apa ndikufuna undimvetsetse. Nambala iliyonse imene walemba ndi funso limene wadziitanira pa tsiku la intavyu. Ndinafunsapo mnyamata wina amene analemba kuti anachepetsa kuwonongeka kwa katundu ndi theka. Nditamufunsa kuti poyamba kunkawonongeka wochuluka bwanji, anayang'ana kudenga. Mwina anachitadi ntchito yabwino, koma kuyambira pamenepo zonse za pa pepala lake ndinayamba kuzikayikira. Ngati mitundu ya katundu ili 570, lemba "pafupifupi 600" kapena 570 yomweyo, osati "yoposa 600". Ndipo ndalama za kampani, monga mtengo wa katundu yense amene ali m'manja mwako, usaziike poyera popanda chilolezo. Masiku, anthu ndi mitundu ya katundu zikukwanira.

Palinso nkhani ya "ndina-" ndi "tina-". Iwe umakonda kunena kuti "tinakonza", ngakhale pamene unakonza wekha usiku anzako atapita kwawo. Ena amachita zosiyana, ntchito ya anthu khumi amaisenza okha pa pepala. Njira yake ndi yosavuta: chimene unaganiza ndi kuchiyambitsa iwe, lemba kuti unachita iwe. Chimene munachitira pamodzi, nena gawo lako. Ukakayika, yerekeza kuti abwana ako ndi anyamata anayi aja aima kumbuyo kwako akuwerenga. Ngati pali mzere umene ungafune kuubisa ndi dzanja, wakokomeza. Ngati iwo anganene kuti "koma mwasiyatu zambiri", wadzichepetsa mopitirira.

Uchotsenso mawu opepesa aja, akuti "ndimayesetsa", "ndinathandizako pang'ono", "ndinapatsidwa mwayi wotsogolera". Sunapatsidwe mwayi ngati mphatso ya pa ukwati, umatsogolera. Mawu oterewa amamveka aulemu pakamwa, koma pa pepala amaoneka ngati munthu wosatsimikiza za ntchito yake.

Za kutalika ndinene mwachidule. Pa sivi mizere itatu kapena inayi yakwana. Pa LinkedIn, gawo la About limalola zilembo 2,600, koma munthu amaona mizere yoyambirira yokha asanadine kuti aone zotsala, makamaka pa foni. Ndiye usayambe ndi moni kapena mbiri ya kumene unabadwira. Yamba ndi ntchito yako, ndipo nkhani ya masiku atatu ija ibwere msanga. Kumunsi ungawonjezere kandime kena konena chifukwa chake umakonda ntchitoyi, koma m'mawu ako enieni. Unandiuzapo kuti chimene chimakusowetsa mtendere ndi kuona mmisiri akubwerera chimanjamanja pamene buku likuti simenti ilipo. Chiganizo chimenecho chikuposa "ndimakonda ntchito yanga ndi mtima wonse" kutalitali. Komanso uzilemba ngati ukulankhula wekha, osati kudzitchula dzina ngati wina akukuwerengera mbiri pa siteji.

Ukamaliza, uwerenge mokweza ngati ukuuza malume ako. Pamene lilime likukana kapena wayamba kudziseka, mzere umenewo si wako, uchotse. Kenako unditumizire ndionenso Loweruka lisanafike, chifukwa Lamlungu tikupita ku chinkhoswe kumudzi ndipo netiweki kumeneko ndi ya pachulu. Bambo ako akuti usaiwale mankhwala opaka aja ukamabwera.

Ndine mayi ako.