A banki yanga, nditsegulireni mlandu wa tchajibaki masiku asanathe

Ndabwera panthambi yanu ya ku Limbe katatu, ndaimba foni kanayi, palibe chachitika, n'chifukwa chake ndalemba pano poyera. Ndikufuna tchajibaki, ndiko kuti mundibwezeretse ndalama za katundu yemwe ndinalipira ndi khadi koma sindinalandire.

Ndine telala. Pa 3 Malichi ndinagula makina a ovaloko kusitolo ina ya pa intaneti ya ku Joni, ndi khadi ya Visa yomwe munandipatsa inuyo. Munadula ndalama zokwana marandi 4,200 tsiku lomwelo. Wogulitsa analemba mu imelo kuti katundu afika kuno ku Blantyre pasanadutse pa 24 Malichi. Lero ndi pa 10 Juni, makina kulibe. Nambala yolondolera katundu yomwe anandipatsa ikungoonetsa `Label created` kuyambira sabata yoyamba, kutanthauza kuti anangosindikiza chikalata chomata pakatoni, koma katoniyo sanakaipereke kwa onyamula. Ndamulembera maimelo asanu. Anayankha kamodzi kokha, kuti ndidikire. Tebulo lomwe ndinakhoma kuti ndidzaikepo makinawo lili phee pakona, mayunifolomu a sukulu ndikukasoketsa m'mphepete kwa mnzanga, ndikulipira pachovala chilichonse.

Chimene chandiwawa kwambiri ndi yankho la pakauntala panu. Achemwali amene anandilandira anayang'ana pakompyuta, n'kundiuza kuti popeza ndinalowetsa ndekha `OTP`, banki singachitepo kanthu. Zimenezo si zoona, ndipo ndikupempha kuti muwaphunzitse bwino antchito anu. Kanambala kobwera pafoni kaja kamangotsimikiza kuti wogula ndi mwini khadi, ndiye kamatseka mlandu wa munthu wonena kuti khadi yake yagwiritsidwa ntchito ndi akuba. Ine sindikukana kuti ndinagula. Ndikunena kuti ndinalipira koma sindinalandire, ndipo m'malamulo a Visa mlandu umenewu uli ndi nambala yakeyake: `13.1 Merchandise/Services Not Received`. Fomu yomwe munandipatsa ulendo wachiwiri inali ya zakuba. Ndinakana kusaina, chifukwa ndikanakhala kuti ndanama, komanso wogulitsa akanangoonetsa kuti `OTP` inalowa, mlandu n'kugwa pomwepo.

Tchajibaki si chifundo cha banki, ndi njira yoikika yobwezera ndalama yomwe munaivomera pomwe munayamba kupereka makhadi amenewa. Ine sindingapite kwa Visa ndekha, khomo langa ndinu. Inu mumatumiza mlanduwo kubanki ya wogulitsa kudzera kwa Visa, ndalama n'kuchotsedwa kumbali yawo. Iwo amakhala ndi masiku 30 oti ayankhe. Akafuna kutsutsa, ayenera kubweretsa umboni woti katundu anafikadi pamalo omwe tinagwirizana, monga siginecha ya wolandira. Akakhala chete, ndalama zimatsala kuno. Mbali ziwirizi zikakanika kumvana, Visa ndiyo imagamula.

Ndikudziwa kuti njirayi ili ndi malire. Ambirife timauza sitolo kuti ikasiye katundu kwa adalaivala a mathiraki ku Joni komweko kuti atibweretsere. Katundu akasainidwa kumeneko kenako n'kusowera panjira, sitolo ilibe mlandu, tchajibaki siyenda. Zanga sizili choncho: adiresi yomwe ili pa risiti ndi ya kuno, ndipo palibe amene wasaina paliponse. Lamulo limafunanso kuti munthu ayambe wakambirana ndi wogulitsa. Ndinatero, maimelo onse ndinawasindikiza, ali mu envelopu yomwe ndinasiya m'manja mwa bwana wa panthambi pa 14 Meyi, pamodzi ndi risiti, sitetimenti ndi chithunzi cha tsamba lolondolera katundu. Anailandira, anandiuza kuti aitumiza kulikulu. Mpaka lero sindinapatsidwe ngakhale nambala ya dandaulo.

Chikundisowetsa tulo ndi nthawi. Mlandu wotere uyenera kutsegulidwa pasanathe masiku 120 kuchokera tsiku lomwe katundu amayenera kufika. Kuwerenga kuyambira pa 24 Malichi, masikuwo akutha pa 22 Julayi. Kwatsala masiku 42. Ndipo chimene chimawerengedwa si tsiku lomwe ndinabwera kudzadandaula kwa inu, koma tsiku lomwe inuyo mwaulowetsa mlanduwo kwa Visa. Envelopu ikagona m'diwala mpaka Ogasiti, ndalama zanga zapita, ngakhale ndili ndi umboni wonse.

Choncho lowetsani mlandu wanga pansi pa `13.1` sabata ino, ndipo mundilembere tsiku lomwe mwaulowetsa ndi nambala yake. Ngati mukuona kuti sukuyenera, mundiuze chifukwa chake molemba papepala, osati pakamwa pakauntala. Likafika Lachisanu pa ola loweruka ndisanamve kanthu, ndikatula dandauloli ku Reserve Bank of Malawi, yomwe imalandira madandaulo a makasitomala a mabanki, ndipo makope a zonse zomwe zili mu envelopu ija ndili nawo.