Chilengezo kwa ana onse: uthenga wa zaka 50 za ukwati wa Amayi ndi Ababa

Abale ndi alongo nonse, Amayi ndi Ababa akukwanitsa zaka 50 ali m'banja. Mwambo udzachitika Loweruka lachiwiri la Ogasiti kunyumba ku Mufakose, kuyambira 12 koloko masana. Koma Lamulungu likudzali, 2 koloko, tikumane kwa Achemwali ku Highfield kuti tilembe uthenga umodzi wa ana tonse.

Aliyense abwere atalemba kale ziganizo zitatu kapena zinayi za chinthu chimodzi chimene anachiona yekha. Mawu oti "munatilera bwino" ayi, amenewo aliyense atha kunena. Achimwene aakulu alemba za chaka cha chilala cha 1992, momwe Amayi ankaphikira nsima yachikasu ya ufa wa Kenya n'kumadya pomaliza ana atakhuta. Zotero ndiye tikufuna.

Uthengawo ukhala m'Chichewa, wosapitirira mphindi zisanu powerenga, poti Ababa satha kukhala nthawi yaitali pampando. Adzawerenga ndi Achimwene, pang'onopang'ono, atagwada pafupi ndi khutu lawo labwino lija. Zidzukulu zimene zimangomva Chishona tidzazimasulira pambuyo. Nkhani ya nyumba ndi ngongole isalowemo chonde, tsiku lake si limeneli.

Bweretsani madola 30 aliyense, a nyama, chitenje cha Amayi ndi bulangete la Ababa, komanso chithunzi chakale chimodzi. Muli ku Joni ndi ku Dedza, tumizani mawu anu pa WhatsApp, ndalama mupatsire Achemwali.

Yankhani pofika Lachisanu kuti mubwera kapena ayi.