Anandisankha ngati Capricorn, koma ndine Scorpio: ndimuuze?

Zakhali,

Ndikulemba usiku, nthawi yadutsa 1 koloko, tulo sitikubwera. Ndine mnyamata wa ku Dedza, ndimakhala ku Mayfair kuno ku Joni, ndimagwira ntchito pamalo ochapira galimoto. Za mapepala anga tisalowemo.

Miyezi 7 yapitayo ndinakumana ndi mtsikana wa ku Blantyre pa apu yopezera chibwenzi. Amagwira ntchito mu saluni ku Randburg. Pa apupo pali malo oika nyenyezi yako, yomwe imangotengera tsiku lobadwa. Pasipoti yanga imati 1 Januwale 1998, ndipo aliyense wobadwa kuyambira cha pa 22 Disembala mpaka cha pa 19 Januwale ndi Capricorn, ndiye ndinaika zomwezo. Panthawiyo sindinkadziwa n'komwe tanthauzo lake.

Tsiku loyamba kuonana, ku Zoo Lake, anandiuza kuti mauthenga a amuna ankamuchulukira, mwakuti anatchera apuyo kuti izimuonetsa anthu a nyenyezi zochepa chabe. Iye ndi Taurus. Akuti nyenyezi 12 zija zili m'magulu anayi, la moto, dothi, mpweya ndi madzi, ndipo Taurus, Virgo ndi Capricorn ndi za dothi, anthu okhazikika, olimbikira ntchito. Scorpio yokha anaitsekeratu. Mwamuna amene anali naye kale anali Scorpio, ankamufufuza foni, kumutsatira kuntchito, ndi zina zimene anandiuza akulira, sindingazilembe pano. Anati Scorpio ndi ansanje, obisa zinthu, ndipo sadzayesanso.

Zakhali, tsiku la pa pasipoti langalo si lenileni. Ndinabadwira kunyumba, ndipo amalume ndi amene anangotchula 1 Januwale pondilembetsa sukulu. Ambiri kwathu zinatichitikira. Mwezi wa Juni mtsikanayu anandipempha ola limene ndinabadwa, ati nyenyezi ya dzuwa, ija yotengera tsiku lobadwa, payokha siikwana, pamafunikanso ya mwezi, yomwe imasintha pakatha masiku awiri ndi theka, ndi ina imene imakhala ikutuluka kum'mawa pa ola lobadwalo, yosintha pafupifupi maola awiri alionse. Ndinaimbira amayi. Ola sakulidziwa, anangoti kunali kusanache. Koma anati, "Iwe unabadwa mvula yoyamba itagwa, patangotha masabata awiri tinamva pa wailesi kuti Kamuzu wamwalira." Kamuzu anamwalira pa 25 Novembala 1997, konkuno ku Joni. Ndikawerengera chobwerera ndikufika cha pa 11 Novembala. Scorpio imayamba cha pa 23 Okutobala kulekeza cha pa 21 Novembala. Ngakhale amayi atasokoneza ndi sabata yathunthu, ndili momwemo.

Ndinamuuza kuti amayi aiwala zonse. Bodza langa ndi limenelo, ndipo ndakhala nalo miyezi itatu.

Koma nanenso ndilankhuleko. Amene amamulimbikitsa zimenezi ndi mnzake wokhala naye nyumba. Mayi ameneyo sanandikondepo. Tsiku lina ndinabweretsa usipa ndi ufa zimene ndinachita kukalandira ku basi ku Park Station, ndalama zanga, iye n'kumati nyumba yanunkha, kutsegula mawindo onse ine ndili pompo, mawa lake n'kudya nawo usipa womwewo osathokoza. Ndiye amene m'mawa uliwonse amamuwerengera za nyenyezi pa foni. Ndikachedwa kuyankha uthenga amati Capricorn ndi ouma mtima. Ndikamugulira kanthu ati Capricorn amasamala. Chilichonse chimene ndingachite chimapeza malo ake, nanga akanadziwa zoona si bwenzi zomwezo akuzitcha za Scorpio?

Chimene chikundiwawa n'chakuti ndikanaika tsiku lenileni, nkhope yanga sakanaiona n'komwe. Miyezi 7 sindinagwirepo foni yake. Atadwala chimfine mu Julayi ndinajomba kuntchito masiku awiri, anandidula malipiro. Kamodzi kokha ndinafunsa za kasitomala wina amene ankamuimbira usiku, mwina ndinakweza mawu, ndinapepesa. Tsopano ndikakumbukira tsiku limenelo ndimachita mantha. Ndabisa chinthu, ndinachitapo nsanje, ndendende zimene iye ananena. Ine ndinakulira mu mpingo, zokhulupirira nyenyezi sindinaleredwe nazo, koma usiku ngati uno ndimayamba kudzikayikira.

Lamlungu lapitali mtsikanayu wanena kuti mu Disembala tipite limodzi kumudzi ndikaonekere kwa amalume ake, ndipo akufuna kukafunsa yekha amayi za kubadwa kwanga. Amayi sanama, ndipo sindingawapemphe kuti aname.

Ndimuuze tisananyamuke, kapena ndidikire akamve kwa amayi ngati nanenso ndikuzimva koyamba? Ndikamuuza, ndiyambe ndi ziti, za tsikulo kapena za bodza la miyezi itatu? Ndipo ngati angandisiye chifukwa cha Novembala, ndiye kuti miyezi yonseyi ankakonda ine kapena mawu aja a pa foni? Ndimamukonda, Zakhali, ndithandizeni.

Ine wosowa mtendere,
Mayfair, Johannesburg