Kalata yopita ku Kasungu: za chimbudzi cha m'nyumba ya amayi

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine kuno ku Joni ndili bwino, kungoti chisanu cha mwezi uno chikulowa mpaka m'mafupa. Zithunzi za nyumba ndaziona, malata akhala bwino. Ndaonanso chithunzi cha chimbudzi chopachika pakhoma chimene mukuti mwana wanu wamkulu wachikonda. N'chokongoladi, ndipo kuno kuntchito timaika zoterezi pafupifupi sabata iliyonse. Koma m'bafa la amayi musaike chimenecho. Tigule chokhala pansi, chija thanki yake imakhala kumbuyo, pamwamba pa mtondo umene munthu amakhalapo. Ndalemba kalata chifukwa pafoni timangodulana mawu.

Mfundo yanu inali yakuti bafalo ndi laling'ono, ndiye chopachika chisunga malo. Tiyeni titenge tepi. Munandiuza kuti kuchokera pakhoma la kunja, pamene patsamire chimbudzi, kukafika pakhoma la kutsogolo pali masentimita 150. Chokhala pansi, thanki ndi mtondo pamodzi, chimadya pafupifupi 65. Ndiye kutsogolo kwatsala 85, pamene munthu amafuna 60 kuti akhale, adzuke ndi kutembenuka bwino.

Chopachika chija pachithunzi mumangoona mtondo wokha, wa masentimita 54 kapena kucheperapo pang'ono. Chimene simukuona ndi felemu yachitsulo, yaitali masentimita 112, m'lifupi 50, imene imanyamula thanki yapulasitiki ndi mtondo womwe. Felemuyo imaima kutsogolo kwa khoma, kenako timaimangira kakhoma kena koibisa, n'kumata matailosi. Felemu, kakhoma ndi matailosi zimadya masentimita 15 mpaka 20. Titenge 18, tiphatikize ndi 54, zakwana 72. Kutsogolo kwatsala 78. Mwaona? Chimene chimati chisunge malo chadya kuposa chinzake. Ngakhale mutapeza mtondo waufupi wa 48, mufika pa 66, kungofanana basi. Maso okha ndi amene amanyengeka chifukwa pansi pamaoneka.

Mmisiri wina angakuuzeni kuti tingogoba khoma, thanki ilowe m'kati. Mukane. Khoma lathu la kunja ndi la njerwa ziwiri, masentimita 23, ndipo thanki yokha imafuna 8 mpaka 12. Kugoba chibowo chotalika kupitirira mita pakhoma losenza denga, la njerwa zootcha tokha zija zimene zina zimafumbutuka ndi chikhadabo, ndiye kuitana mng'alu. Makoma a m'kati, a njerwa imodzi, ndiye osayerekeza n'komwe.

Za kugwa sindikuopa. Felemu yabwino anaipanga kuti isenze makilogalamu 400. Koma imasenza ikamangidwa ndi mabawuti pa konkire yolimba pansi ndi pakhoma lolimba kumbuyo, ndipo kakhoma kobisa kaja kagunde felemu popanda mpata. Chaka chatha tinaitanidwa panyumba ina kuno pamene wina anasiya kampata pakati pa bolodi la kakhomako ndi felemu. Munthu akakhala, mtondo umaweramira kutsogolo pang'ono chabe, kumveka kuti tsetsee. Miyezi ingapo, tailosi la pansi pa mtondo linang'aluka, labala ya paipi inasuntha, madzi oipa n'kumadontha kuseri kumene diso silifika. Eni nyumba anadziwira fungo ndi utoto umene unayamba kutukusira kuchipinda chinacho. Tinaphwanya kakhoma konse. Ntchito imeneyi imafuna pulambala amene anaigwirapo kangapo, osati wophunzirira panyumba ya amayi.

Koma chimene chandipangitsa kutsimikiza ndi madzi. Inu mukuti muika thanki pansanja, kudzaza kuchokera pachitsime. Madzi apachitsime amabwera ndi timchenga, ndipo timchenga timeneti timakakamira mu valavu yolowetsa madzi ndi palabala yotsekera pansi pa thanki ya chimbudzi. Zikatero madzi amangoyenderera mumtondo usiku wonse, m'mawa thanki yapansanja yaphwa. Kuti mudziwe, dikirani mphindi makumi atatu mutagejemula, mupukute kumbuyo kwa mtondo m'kati, mumatepo kapepala kouma. Kakanyowa, labala ikudontha.

Pachokhala pansi mumangotukula chivindikiro, zonse zili poyera. Mutseka madzi, mumasula valavu, mutsuka, mwabwezera. Ikatheratu mupita nayo m'manja kuhadiweya pa Kasungu pomwepo, mubwera ndi inzake yofanana. Pachopachika zonse zimatulukira pakabowo ka kuseri kwa mabatani, dzanja limodzi kumagwira ntchito mofufuza ngati mukutola ndalama mumtsuko. Zimatheka, ine ndimachita. Koma zida zake zimayendera kampani imene inapanga thankiyo, ya kampani ina sikwana. Mudzayamba kufunsa ku Lilongwe, mwinanso kudikira kuti ine nditumize pa basi, amayi akubwerera kuchimbudzi chokumba ndi mawondo awo aja. Ndipo tsiku limene pampu yafa, chokhala pansi mumathira ndowa m'thanki n'kugejemula monga mwa masiku onse. Chinacho mungathire mumtondo mokha.

Sindikuchinyoza ayi. Pokolopa n'chosavuta, mopu imangodutsa pansi, komanso utali wake mumasankha nokha pomanga. Chimenecho chinandikopa poganiza za amayi. Koma ziliponso zokhala pansi zazitali, za masentimita 45 kapena kuposerapo pang'ono m'malo mwa 40 wamba. Mufunse chimenecho. Chikasowa, tigula wamba, tiike chitsulo chogwirira pakhoma la m'mbali.

Tsono pogula ndi poika. Musabowole khoma chimbudzi chisanafike pakhomo. Zimbudzi zotulutsira kumbuyo, pakati pa kamwa ya paipi pamakhala pafupifupi masentimita 18 kuchokera pansi, koma zimasiyana, ndiye muyeze chimene mwagulacho. Ndipo muyeze kuchokera pamwamba pa matailosi, osati pa konkire. Anthu ambiri amalakwa pamenepa: abowola lero, mawa amata matailosi, pansi pakwera ndi masentimita awiri, paipi yatsalira m'munsi kapena aikakamiza mopindika mpaka labala kumadontha. Paipi ikhale ya mamilimita 110, ndipo izitsika masentimita awiri ndi theka pa mita iliyonse mpaka kukafika kudzenje. Pakati pa mtondo patalikirane ndi khoma la m'mbali masentimita 40, kuti chigongono chisamagunde.

Musalole kuti akhazike mtondo pa simenti. Ndikudziwa kwathu amatero, koma tsiku lofuna kuuchotsa umasweka. Amange ndi masikuluu ake awiri, azungulize silikoni. Pakati pa thanki ndi mtondo pamakhala labala yonenepa yozungulira ngati donasi. Mabawuti awiri a pamenepo amange mosinthanasinthana, uku pang'ono uku pang'ono, asakakamize, chifukwa dongo lowotcha lija likang'aluka ndiye kwatha. Paipi yolowetsa madzi aikepo kampopi kakekake kotsekera. Musankhe thanki ya mabatani awiri, la malita 6 ndi la malita 3, ndipo wogulitsa mumuuze kuti madzi ndi apansanja, akupatseni valavu ya madzi opanda mphamvu, apo ayi thanki izidzadza mochedwa kwambiri.

Mukapita kukaona mitengo, mujambule chimbudzicho m'mbali ndi kumbuyo, tepi ili pomwepo, munditumizire musanalipire. Ndalama nditumiza mwezi ukatha. Mwana wanuyo mumuuze kuti chopachika tidzamuikira m'nyumba yake akadzamanga, ndidzabwera ndi zida ndekha.

Mupereke moni kwa amayi, muwauze kuti bulangete lawo ndagula kale. Moninso kwa alamu ndi ana onse.

Ine mng'ono wanu.