Za Asiyatu, achemwali musazichedwetse

Achemwali,

Voisi yanu ija ndinaimva, ndipo Loweruka ndinapitadi ku Mpondasi kukamuona Asiyatu monga munandipempha. Ndikuuzeni mosabisa ngati mnzanu komanso ngati nesi, zimene ndaona pa mwana uja si mwano wa kukula ayi, ndipo sindikufuna mudikire mpaka Disembala pomwe mudzabwere kuchoka ku Joni.

Mwana wa zaka 15 kulunda nkhope si nkhani, tonse tinadutsamo. Amakwiya poti mwamulanda foni, amamenyetsa chitseko, koma mawa lake anzake akamuitana ku netiboli amathamanga, nsima amadya bwinobwino, kuseka amaseka. Kukwiya kwake kumakhala ndi chifukwa ndipo kumatha. Matenda a kukhumudwa, aja timati dipuleshoni, sachita choncho. Ife kuchipatala timayang'ana ngati mwana wakhala wokhumudwa kapena wosasangalatsidwa ndi chilichonse pafupifupi tsiku lonse, tsiku ndi tsiku, kwa masabata awiri kapena kuposa, komanso ngati zayamba kumuonongera sukulu, kudya, tulo ndi kucheza ndi anthu. Ndipo kwa achinyamata nthawi zambiri sizioneka ngati kulira, zimaoneka ngati ukali, ndiye akuluakulu amangoti wayamba mwano kapena wapeza chibwenzi.

Ndiye tamvani za Asiyatu. Agogo ake akuti izi zinayamba teremu itangotsegulidwa, tsopano mwezi wachiwiri ukutha. Netiboli ija ankaikonda mpaka kuiwala kudya anasiya, anzake akabwera amauza agogo kuti auzeni kulibe. Nsima akungotsina kawiri nkusamba m'manja, siketi ya yunifomu wachita kuimanga ndi pini. Usiku sagona, agogo akadzuka kukaswali m'bandakucha amamupeza ali maso chagada. Ndinatsegula kope lake la Bayoloje, manotsi a Fomu 3 analekera pakati pa chiganizo, akuti akawerenga palibe chikulowa. Koma chimene chinandilasa mtima ndi pomwe tinakhala awiri kuseri kwa nyumba, anati "anti, amayi akungovutika ku Joni chifukwa cha ine, bola ndikanapanda kubadwa."

Ndinamufunsa mwachindunji ngati amaganizapo zodzipha. Musadzidzimuke achemwali, kufunsa sikumuika mwana maganizo amenewo, ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa. Anati maganizowo amabwera koma sanakonze njira iliyonse. Komabe ndinauza agogo kuti tameki, mankhwala a mbewu ndi mapilisi awo a BP achoke m'nyumba akasungidwe kwa amalume ake, komanso asamagone yekha. Tsiku limene adzatchule njira, kapena kuyamba kugawa zinthu zake, kudzicheka, kukana kudya ndi kumwa, kapena kumva mawu omwe ena sakuwamva, limenelo si la kudikira kuche, ndi kumutengera kuchipatala nthawi yomweyo.

Pakali pano chofunika ndi chakuti sabata ino apite ku chipatala cha boma ku Mangochi boma, ndimuperekeza ndekha mukavomera. Ayambe amuyeza malungo, magazi komanso likodzo, poti mwana wochapa ku nyanja ngati uyu akhoza kufooka chifukwa cha kuchepa magazi, ndipo zimenezo zimafanana ndi kukhumudwa. Kenako aonane ndi a zamaganizo, adzafuna kucheza naye payekha, agogo asakhumudwe nazo, pali zina monga kuvutitsidwa kusukulu kapena kugwiriridwa zimene mwana sanganene wamkulu wa pakhomo ali pompo. Ndikudziwa mantha anu, mukuganiza za ku Zomba Mental. Ayi, ambiri amathandizidwa akugona kwawo, thandizo loyamba ndi uphungu, kukambirana kangapo ndithu osati kamodzi. Mankhwala ngati fluoxetine amapereka zikakhala zakula, sagwira lero ndi lero, pamatenga masabata angapo, ndipo masabata oyambawo ndi pomwe mwana amafunika kumuyang'anira kwambiri, komanso osasiya kumwa mwadzidzidzi poti wayamba kuseka.

Agogo akufuna kupita naye kwa ashehe akamupangire duwa, ine sindinakane, apite, koma kuchipatalanso apite sabata yomweyi. Chimene ndinakana ndi cha amalume ake choti amukwapule ulesi uchoke.

Inuyo mbali yanu ndi foni. Mukamuimbira musayambe ndi za mayeso kapena kuwerengera marandi amene mwatumiza, mawu amenewo iye amawamva ngati umboni woti ndi katundu wolemera. Mufunseni wagona bwanji, mukhale chete ayankhe ngakhale achedwe. Ndamulemberanso 116, nambala yaulere ya ana ija, kuti akasowa wolankhula naye usiku aimbe pa foni ya agogo.

Ndiyankheni lero lomwe ngati Lachiwiri lili bwino, ndipemphe ofu kuntchito. Ya minibasi musatumize, ndilipira ine.

Ndine mnzanu,
Mayi a Fatuma